Chala pa Chithunzi: Nsanje Iyambire Pati?

Munthu woyenda madzulo kuchokera pa Boma la Mulanje kulowera ku Chitakale sangalephere kuona anyamata ndi asungwana, ngakhalenso abambo ndi amayi amisinkhu, atazolika mitu pa lamya zawo za m'manja, chala chikuyenda pa galasi ngati cha munthu wosankha mpunga. Ambiri mwa iwo amakhala akuona zithunzi za anzawo pa masamba a mchezo monga Facebook ndi Instagram, ndipo chithunzi chikawakomera amadina kachizindikiro ka chala kapena ka mtima. Pa lamya kachizindikiroka kamalembedwa kuti Like, ndipo achinyamata amangoti "kulayika". Ntchito yake siitenga ngakhale mphindi imodzi, komabe yayambanitsa anthu otomerana ndi kugonetsa ndi njala mabanja angapo, mpaka ankhoswe ena ayamba kuitanidwa kudzaweruza milandu ya zithunzi imene makolo awo sanaimvepo.

Funso limene likuvutitsa ambiri ndi lakuti: mwamuna kapena mkazi amene amadina zithunzi zambiri za anthu ena, kodi wangozolowera chabe, kapena mtima wake wayamba kulowera kwina? Yankho la nkhani ino ndi lakuti kuchuluka kwa zithunzi sikunena kanthu. Chofunika kuyang'ana ndi kumene chalacho chikulunjika, zimene zikutsatira pambuyo pake, ndi m'mene mwini chala amayankhira akafunsidwa mwaulemu. Akuluakulu anati khotekhote ngwa njoka, usata kumene kwaloza mutu.

Poyamba nkoyenera kudziwa m'mene kachizindikiroka kamagwirira ntchito, pakuti nsanje yambiri imabadwa chifukwa chosadziwa zimenezi. Kampani ya Facebook inayambitsa Like m'chaka cha 2009, ndipo mu 2016 inawonjezera zizindikiro zina monga mtima, kuseka, kudabwa, chisoni ndi mkwiyo. Pa Instagram, imene inayamba mu 2010, munthu akangogogoda chithunzi kawiri ndiye kuti wachikonda kale, mwina mosafuna n'komwe. Makampani amenewa amapeza ndalama kupyolera m'malonda amene amaonetsa kwa anthu, kotero amafuna kuti munthu akhalitse pa lamya. Chifukwa cha ichi anachepetsa dala ntchito yodina kuti ikhale yopepuka koposa kupereka moni pa msewu, ndipo makina awo amabweretsera munthu zithunzi zofanana ndi zimene anadinapo kale. Wodina za mpira amalandira za mpira, wodina za maukwati amalandira za maukwati, ndipo chala chimazolowera mpaka kumayenda chokha.

Pali chinthu chachiwiri chimene ambiri sachizindikira. Pansi pa chithunzi pamene anthu mazana adinapo, lamya kawirikawiri siionetsa maina onse. Imayamba ndi maina a anthu amene mwini lamyayo amacheza nawo pa tsambalo. Choncho msungwana amene akuona dzina la bwenzi lake pansi pa chithunzi chilichonse asafulumire kuganiza kuti mnyamatayo ndiye amakhala woyamba kuthamangira zithunzizo. Makina ndiwo aika dzinalo patsogolo chifukwa akudziwa kuti awiriwo amadziwana. Mlongo wake wa mnyamatayo akatsegula chithunzi chomwecho pa lamya yake akhoza kuona maina ena osiyana kotheratu.

Akatswiri anafufuzapo za nsanje ya mtundu umenewu. M'chaka cha 2009, Amy Muise ndi anzake awiri a pa Yunivesite ya Guelph ku Canada anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pakati pa ophunzira 308. Iwo anapeza kuti amene amathera nthawi yambiri pa Facebook ndiwonso amamva nsanje yambiri pa zochitika za pa tsambalo, ndipo anafotokoza kuti zinthuzi zimayenda mozungulira: munthu amaona kanthu kosamveka bwino, nayamba kukayika, kukayikako kumamutuma kukafufuza, ndipo kufufuzako kumamuonetsa tinthu tina tosamvekanso bwino. Ophunzirawo anali a dziko lina ndi a msinkhu umodzi, kotero zotsatirazo sizingaikidwe pa banja lililonse la kuno, koma kuzungulirako aliyense amene anagonapo mochedwa akuwerenga maina pansi pa zithunzi akukudziwa. Kale Instagram inali ndi malo otchedwa Following pamene munthu ankaona zonse zimene anzake adina. Malowo anachotsedwa mu 2019, ndipo mikangano ya zithunzi siinathe chifukwa cha kuchotsako.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, pano paikidwa chitsanzo chongoyerekeza cha anyamata awiri a pa Boma, onse otomera.

Woyamba ndi kalaliki pa esiteti ina ya tiyi, ndipo watomera mphunzitsi wa pa sukulu ya pulaimale. Mphunzitsiyo wakhala akudandaula kuti dzina la bwenzi lake lili paliponse. Tsiku lina Loweruka awiriwo akhala pa khonde, ndipo mnyamatayo, mwa kufuna kwake, atsegula malo a pa Facebook otchedwa Activity log, pamene pamasungidwa zonse zimene mwini tsamba wadina. Awerenga za sabata imodzi napeza zithunzi 60. Mwa izo, 22 ndi za zinkhoswe ndi maukwati a abale ndi anzake, 14 ndi za mpira wa Bullets ndi Wanderers, 11 ndi za phiri, zojambulidwa ndi anzake amene amaperekeza alendo kuchokera ku Likhubula kukwera ku Chambe, 9 ndi za kwaya ya ku tchalitchi, ndipo 4 zokha ndi za asungwana ali okha. Asungwana anayiwo ndi anthu osiyana, ndipo awiri mwa iwo amagulitsa zitenje ndi kaunjika, navala okha zovalazo pojambulitsa kuti ogula aone.

Wachiwiri sakonda kudina. Pa sabata yomweyo wadina zithunzi 12 zokha, ndipo bwenzi lake likadamuyamikira kuti ndi munthu wodziletsa. Koma zithunzi 10 mwa 12 zimenezo ndi za msungwana mmodzi. Zina mwa izo msungwanayo anaziika zaka zitatu zapitazo, ndipo zonse zadinidwa usiku anthu atagona.

Wowerenga manambala okha adzati woyamba ndiye wolakwa kasanu koposa wachiwiri. Wolingalira adzaona kuti chala cha woyamba chamwazika ngati cha munthu wopereka moni mu msika, pamene cha wachiwiri chikubwerera pa khomo limodzi. Ichi ndicho chizindikiro choyamba chosiyanitsira chizolowezi ndi nkhani yeniyeni: kumwazika kapena kulunjika.

Za zithunzi zakale pafunika mau owonjezera. Masamba a mchezo kawirikawiri amabweretsa zithunzi zatsopano, kotero kuti munthu afike pa chithunzi cha zaka zitatu zapitazo amayenera kutsegula tsamba la mwini chithunzi ndi kutsetsereka nalo nthawi ndithu. Kudina koteroko kumasonyeza kuti munthuyo anachita kupita yekha. Komabe lamuloli lili ndi malire ake. Chithunzi chakale chimatha kutulukanso pamwamba ngati wina walembapo mau atsopano, kapena mwini wake wachiikanso pokumbukira tsiku lobadwa. Chithunzi chimodzi chakale sichikwanira kuweruzira munthu. Khumi zotsatizana usiku umodzi ndizo zimafunika kufotokozedwa.

Ngakhale mnyamata wachiwiriyu sanapezeke wolakwa pa zimene zaonekazi. Kuno ubale ndi wotambalala, ndipo aliyense akudziwa nthabwala za chisuweni, pamene mnyamata amatha kutchula msuweni wake kuti "mkazi wanga" pamaso pa makolo popanda wokwiya. Msungwanayo angakhale msuweni, mlongo wa ku banja lina, kapena mnzake wa ku sukulu amene wangoferedwa kumene. Manambala amangopereka chifukwa chofunsira. Chigamulo chimadikira zizindikiro zina zitatu.

Chizindikiro chachiwiri ndi zimene zimatsatira kudina. Like amaikidwa poyera, pamene azakhali, abusa ndi akulu a mpingo onse angamuone, ndipo munthu wofuna kuba saliza belu. Nkhani imasintha pamene kudina kwasanduka khomo lolowera: kuchoka pa chala kufika pa mau otamanda thupi, kuchoka pa mauwo kulowa m'mauthenga a awiri okha pa Messenger kapena WhatsApp, kenaka kutumiza mayunitsi kapena ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo potsiriza kupangana zokakumana ku mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Makwerero amenewa amaoneka ndi maso: ndalama za ndiwo zimaperewera pakati pa mwezi popanda chifukwa, ndipo maulendo osadziwika amachuluka. Kumbali inayi, pafunika kukumbukira kuti munthu wa chibwenzi chamseri angathe kusadina chithunzi chilichonse cha mnzakeyo, pofuna kuti asadziwike. Tsamba loyera silitsimikiza mtima woyera, monganso tsamba lodzaza silitsimikiza chinyengo.

Chizindikiro chachitatu ndi kubisa, makamaka kubisa kumene kwayamba posachedwa. Munthu amene kuyambira kale amatseka lamya yake ndi nambala yachinsinsi sanalakwe, pakuti m'lamya mumakhala ndalama, makalata a ku ntchito ndi zinsinsi za abale. Chodetsa nkhawa ndi kusintha: lamya imene inkasiyidwa pa tebulo yayamba kupita nawo ku bafa, imavundikiridwa pansi mnzake akalowa, mauthenga a munthu mmodzi amafufutidwa tsiku ndi tsiku, dzina la mkazi lasungidwa ngati la makaniko, kapena patulukira tsamba lachiwiri limene bwenzi silinauzidwe. Chizolowezi wamba sichichita manyazi. Kalaliki uja anatsegula yekha zimene anadina chifukwa munalibe chomuchititsa mantha.

Chizindikiro chachinayi, chimene chimaposa zonse, ndi yankho. Apa mafunsidwe ake ndi ofunika kwambiri, pakuti funso lofunsidwa ngati mlandu limabala kudzitchinjiriza ngakhale kwa munthu wosalakwa. Mau akuti "Inu mwayamba uhule pa lamya" amatseka zokambirana zisanayambe. Mkazi wanzeru amasankha nthawi imene ana agona, natchula chinthu chimodzi chimene waona ndi m'mene chamukhudzira: "Bambo, ndaona kuti sabata ino mwadina zithunzi khumi za msungwana mmodzi, zina zakalekale. Mtima wanga sunakhazikike. Kodi ameneyu ndani kwa inu?" Mwamuna wachizolowezi chabe angadabwe kapena kuseka, koma amayankha molunjika, ndipo akaona kuti mnzake wapwetekedwa amachepetsa popanda kukakamizidwa, chifukwa chala pa chithunzi sichimupindulira kanthu koposa mtendere wa m'nyumba. Wobisa kanthu amasiya funso nagwira wofunsa: "Mayi, mutu wanu sukuyenda bwino." Amakana zimene zaoneka ndi maso, nkhani yake imasintha lero ndi mawa, kapena amalonjeza kusiya koma n'kungosamukira kumene sakuoneka.

Zonsezi zikukhudza amuna ndi akazi mofanana. Mwamuna amene amadina zithunzi za asungwana makumi awiri natcha zimenezo kucheza, koma n'kukwiya mkazi wake akadina chithunzi chimodzi cha mphunzitsi mnzake, ndiye kuti akufuna ulamuliro chabe, pakuti akanakhala kuti akusamala za kukhulupirika akanayamba kudziletsa yekha. Muyeso umene munthu akuyesera mnzake ayambe wadziyesera yekha, ndipo funso losavuta ndi ili: kodi akanadina chithunzicho, kapena kulemba mauwo, mnzake atakhala pambali akuona?

Pali mtundu umodzi wa kudina umene sufunika kuwerenga manambala, ndipo aphunzitsi ayenera kuumva bwino. Mphunzitsi amene amadina mitima pa zithunzi za msungwana kapena mnyamata wa m'kalasi mwake, ngakhale zitakhala ziwiri zokha, waponda pamene sayenera kuponda. Kuyambira mu 2017, pamene Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana pamaso pa lamulo. Ngakhale wophunzirayo atapyola zaka zimenezo, mphunzitsi ndiye amachonga mayeso ake, kotero awiriwo sali pa muyezo umodzi. Mkazi kapena mwamuna wa mphunzitsi wotere akadandaula, asatchedwe wansanje, pakuti akuteteza mwana wa eni ake pamodzi ndi ntchito imene ikudyetsa banja lake.

Tsono nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri imene odandaula sakonda kuimva. Nthawi zina vuto lenileni limakhala mwa wolondalonda, wodinayo alibe chifukwa. Munthu amene amadzuka usiku kukawerenga maina pansi pa zithunzi, amene amatsegula tsamba la dzina labodza kuti ayese mnzake, amene amatumiza mau achipongwe kwa msungwana aliyense amene wadinidwa, wadwala nthenda imene umboni sungachize. Akaonetsedwa zithunzi 60 zosalakwa amati zolakwazo zafufutidwa. Njira yodziyesera ilipo: ngati mnzake wafotokoza, zimene wanena zapezeka zoona, koma mtima ukungofunabe kufufuza mawa lake, ndiye kuti gwero la nkhawa lili kwina. Mwina ndi chilonda cha chibwenzi chakale chimene chinatha mwachinyengo, mwina ndi kudziona woperewera poyerekeza ndi nkhope za pa lamya, zimene zambiri zimakhala zosalazidwa ndi makina asanaziike. Mwinanso ndi njala ya kuyamikiridwa, pakuti mkazi amene sanamvepo mau abwino m'nyumba kwa chaka chathunthu amapwetekedwa poona mitima ikugawidwa kunja. Pamenepo chofunika kukambirana ndi kuuma kwa m'nyumbamo, pakuti ngakhale zithunzi zonse zitafufutidwa njalayo ikhalapobe.

Malamulo a dziko nawonso sanakhale chete. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga ake, ndipo silinena kuti ufuluwo umatha pa tsiku la ukwati. Lamulo la mu 2016 loyendetsa ntchito za pa makina a intaneti limaletsa kulowa m'makina a wina popanda chilolezo, ndiponso kuzunza kapena kuopseza munthu kupyolera m'mauthenga. Choncho wotukwana msungwana wa pa chithunzi, kapena wofalitsa zithunzi zake pofuna kumuchititsa manyazi, angadzapezeke ku bwalo la milandu iye amene ankadziyesa wolakwiridwa. Lamulo la mu 2006 loletsa nkhanza za m'banja limawerengera kumenya, kuopseza ndi kuzunza maganizo monga nkhanza. Kumenya munthu kapena kumuopseza chifukwa cha Like ndi mlandu, ndipo wochitiridwa zotere apite ku polisi, kumene kuli nthambi yothandiza ozunzidwa m'mabanja.

Nanga ankhoswe achite chiyani nkhani yotere ikawapeza? Kuno ku Mulanje, kumene mabanja ambiri amatsata mwambo wa chikamwini, amalume ndi ankhoswe akadali ndi mau olemera, koma ambiri a iwo sanakule ndi lamya zamakonozi. Ena amangoseka nati ndi zachibwana, ena amadzidzimuka pomva kuti mkamwini "wakonda" akazi makumi asanu ndi limodzi pa sabata, osadziwa kuti liwulo pa lamya ndi lopepuka koposa m'mene limamvekera pa Chichewa. Onse awiriwo alakwitsa. Nkhoswe yanzeru ifunse mafunso anayi aja: kodi chala chamwazika kapena chalunjika kwa mmodzi, chatsatira n'chiyani, chabisidwa n'chiyani, ndipo wofunsidwa anayankha bwanji. Mafunso amenewa ndi omwe ankhoswe akhala akufunsa kuyambira kale pa milandu ya ku chitsime ndi ku dansi. Changosintha ndi malo okumanirana. Wodandaula nayenso abwere ndi zimene waona yekha, osati zithunzi zotumiziridwa ndi anzake ofuna kuonera ndewu, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Anthu otomerana, makamaka achinyamata amene angomaliza Fomu 4 ndipo lamya yoyamba ili m'manja, angapewe zambiri mwa kupangana malire zinthu zisanavute. Palibe malire amodzi oyenera mabanja onse. Ena amagwirizana kuti chala chiloledwa paliponse koma mtima usungidwe kwa abale. Ena amati zibwenzi zakale zisatsatidwe. Ena sasamala za kudina koma amafuna kuti mauthenga a awiri okha ndi munthu wachilendo asabisidwe. Chofunika ndi chakuti malirewo akhale omveka, ogwira onse awiri mofanana, ndi ovomerezedwa mwaufulu. Kupereka nambala yachinsinsi kukhale mphatso ya mwini lamya. Ikalandidwa mokakamiza siibweretsa mtendere, chifukwa wofuna kubisa amangogula lamya yachiwiri, ndipo wosalakwa amatsala ndi chilonda cha kukayikiridwa.

Kalaliki uja ndi mphunzitsi wake anatseka lamya dzuwa lisanalowe. Mnyamatayo anavomera kuti pa zithunzi 60 zija panalibe ngakhale chimodzi cha bwenzi lake, ngakhale kuti msungwanayo anaika chithunzi chake ali ndi ana a Sitandade 5 sabata yomweyo, ndipo msungwanayo anavomera kuti chimenecho ndicho chinamupweteka koposa asungwana anayi a zitenje. Mnyamata wachiwiri uja akadali ndi funso loti ayankhe, ndipo bwenzi lake lili ndi ufulu wofunsa kamodzi, momveka ndi mwaulemu. Likalandira yankho loona, nkhani ithere pomwepo. Likalandira chipongwe ndi nkhani zosinthasintha, lisataye miyezi likuwerenga mitima pansi pa zithunzi. Lipite kwa ankhoswe chinkhoswe chisanachitike, pakuti kubweza chitomero n'kopepuka koposa kuthetsa ukwati ana atabadwa.